Zimene mumathira m'kathanki ka mawaipa sizithera pagalasi

Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimatuluka madzulo n'kukhamukira kulikonse kumene kuli kuwala. Amene amayendetsa galimoto pamsewu wa M1 nthawi imeneyi amazidziwa bwino. Zimamenyetseka pagalasi lakutsogolo motsatizana, iliyonse n'kusiya kadontho ka mafuta. Dalaivala amakoka kamtengo ka mawaipa, madzi amatuluka, mawaipa amapita uku ndi uku, koma m'malo moti galasi liyere, mafuta aja amangopakika ponseponse. Kutsogolo kukatulukira thiraki itayatsa nyali zonse, galasi lonse limangoti mbuu. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Kukhala masekondi atatu osaona ndiye kuti wayenda mamita oposa 60 mwachimbulimbuli, pamsewu umene m'mphepete mwake mumayenda njinga zopanda nyali, ana ndi mbuzi.

Chimene chimapangitsa kuti galasi liyere kapena lisayere pa masekondi amenewa chili m'kathanki kapulasitiki kamene kali pansi pa boneti, kamene pa chivundikiro chake pajambulidwa galasi ndi madzi akuthovoka. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri mumalowa malita apakati pa 2 ndi 5. Ambiri a ife timathiramo madzi apampopi kapena a pamjigo. Ena, poona kuti madzi okha sachotsa mafuta, amadonthezamo sopo wotsukira mbale, ndipo ena amafika pothiramo sopo waufa wochapira zovala. Sachita izi chifukwa cha ulesi ayi. Mafuta agalimoto akwera mtengo, matayala akwera mtengo, ndiye munthu amadzifunsa kuti ndigulirenji madzi abuluu a m'botolo pomwe kunyumba kuli madzi ndi sopo. Funsoli ndi lomveka, ndipo likufunika yankho lenileni.

Yankholo limayambira pa kuona kumene madziwo amapita. Mukapopera, mawaipa amangopukuta chigawo cha galasi chimene amafikira. Madzi otsala amayenderera pansi n'kulowa m'pulasitiki wakuda amene ali m'munsi mwa galasi, ena amakankhidwira m'mbali n'kutsata labala wa m'mphepete, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo imawakwezera padenga ndi pamagalasi a zitseko. Ena amagwera kumapeto kwa boneti. Palibe amene amaima kuti atsukuluze malo onsewa ndi madzi oyera. Zonse zimene zinali m'madzimo zimauma pomwepo, padzuwa, pachitsulo chotentha, lero, mawa ndi mkuja. Mayi aliyense amadziwa kuti mbale yopakidwa sopo n'kuyanikidwa pathandala osatsukuluza imauma ndi mizere ndipo imanuna m'manja. Sopo wa mbale anapangidwa kuti atsukuluzidwe, koma pagalimoto yoyenda kutsukuluza kulibe. Mankhwala enieni otsukira galasi anapangidwa poganizira zimenezi: agwire ntchito m'masekondi ochepa, aume msanga, asiye zotsalira zochepa kwambiri.

M'mankhwalawa mulibe zachilendo zambiri. Gawo lalikulu ndi madzi amene anachotsedwa mchere. Mumakhala spiriti, amene amasungunula mafuta, kuumitsa galasi msanga ndi kuletsa madzi kuundana kumayiko ozizira. Mumakhalanso kasopo kochepa kwambiri ka mtundu wosachita thovu lambiri, kamene kamathandiza madzi kumwazika pagalasi n'kunyamula litsiro, komanso kuterereza labala wa waipa kuti asamakhule galasi. Mtundu wabuluu, wobiriwira kapena wapinki ndi wongokuthandizani kuona mlingo ndi kusiyanitsa ndi madzi akumwa. Sutsuka kalikonse.

Madzi okhaokha

Tiyambe ndi madzi, popeza ndi amene ambiri timagwiritsa ntchito. Vuto lawo loyamba ndi limene taliona kale: sagwirizana ndi mafuta. Litsiro la pagalasi la galimoto si fumbi lokha. Muli utsi wa dizilo wochokera m'mathiraki ndi m'maminibasi, timafuta ta patala, matupi a tizilombo, utomoni wa mitengo ndi zitosi za mbalame. Amene amayenda msewu wa m'mbali mwa nyanja, cha ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay, amakumananso ndi nkhungu, tizilombo tating'ono tija timene timauluka ngati mtambo. Madzi amangodutsa pamwamba pa zinthu zimenezi, ndipo waipa amazifalitsa.

Vuto lachiwiri silioneka ndi maso. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime amadutsa m'miyala ndi m'dothi, ndipo amasungunula mchere wamitundumitundu, makamaka kashiamu ndi maginiziyamu. Madera ena, monga ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mijigo ina imatulutsa madzi amene mchere wake umamveka ndi pakamwa pomwe. Ngati m'ketulo yanu mumachita zoyera zolimba pansi pake, kapena sopo amavuta kuchita thovu pochapa, madzi a kwanuko ali ndi mchere wotere wambiri. Kadontho ka madzi amenewa kakauma, madzi amapita koma mcherewo umatsala. Pabowo lopopera madzi, limene kukula kwake sikuposa nsonga ya singano, mchere wochepa chabe ndi wokwanira kupotoza madzi kuti aziwombera kumbali, kenako kulitseka.

Pa penti ndi pamene pamafunika kumvetsa bwino. Penti ya magalimoto amasiku ano ili m'magawo. Pansi pali yogwira chitsulo ndi kuteteza dzimbiri, pakati pali ya mtundu, ndipo pamwamba pali yoonekera mkati imene opopera penti amati kiliya. Kuwala konse kwa galimoto kumachokera pa kiliyayo, ndipo ndiyo imatchinga dzuwa kuti lisasuwitse mtundu. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi mamilimita 0.05, theka chabe la pepala la m'kope. Boneti ya galimoto yakuda imene yaima padzuwa la mu Okutobala imatentha kupitirira madigiri 60. Pakutentha kotere kiliya imafewerako, ndipo kadontho ka madzi amchere kakamauma, mcherewo umaunjikana m'mphepete mwa kadonthoko n'kusiya kamphete koyera. Timphete tatsopano timachoka ndi kutsuka. Koma tikakhala milungu ingapo, tikunyowa ndi kuuma pamalo amodzimodzi, timadya kiliya n'kusiya kadzenje kosazama kamene ngakhale mutsuke bwanji kamaonekabe. Kuti kachoke pamafunika kupala kiliya ndi makina a polishi, ndipo kupala kulikonse kumachepetsa kagawo kopyapyala kaja, kamene sikameranso.

Mungathe kuyesa madzi a kwanu popanda chida chilichonse. Donthezani madontho angapo pakalilole woyera bwino, muike padzuwa mpaka aume. Mukaona timphete toyera toonekeratu, dziwani kuti n'zimene zikutsala pagalimoto yanu nthawi iliyonse mukapopera.

Palinso nkhani ya zamoyo. Kathanki kaja kamakhala pafupi ndi injini, m'malo ofunda ndi amdima. Madzi opanda mankhwala akakhalitsamo amayamba kununkha ngati chithaphwi, ndipo m'makoma mwake mumamera zoterera zimene zimakatseka kasefa ka pampu. Mu 2010, akatswiri a bungwe la boma loteteza umoyo wa anthu ku Britain anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti madalaivala amene sankathira mankhwala m'madzi a mawaipa anali pachiopsezo chachikulu chodwala chibayo choyambitsidwa ndi kachilombo ka lejionela. Kachilomboka kamaswana m'madzi ofunda apakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo kamalowa m'mapapo munthu akapuma timadontho ta madzi touluka. Mpweya umene umalowa m'galimoto kudzera m'mafani umakokedwa pansi pa galasi lakutsogolo, pamalo omwewo pamene madzi opopedwa amagwera. N'chifukwa chake fungo la madzi a mawaipa limamveka m'kati. Sindikunena kuti aliyense wothira madzi okha adwala, komanso mankhwala si katemera. Ndikunena kuti madzi a mawaipa akayamba kununkha, asamangowonjezeredwa. Atayidwe, kathanki katsukidwe.

Sopo wa mbale

Sopo wotsukira mbale amachita bwino kwambiri ntchito imene anapangidwira, yomwe ndi kuchotsa mafuta ouma m'poto. Mphamvu yomweyo ndi imene imabweretsa vuto pagalimoto. Polishi amene mumapaka, kapena amene anyamata otsuka magalimoto amakupakirani, ndi phula ndi mafuta zimene zimakhala pamwamba pa kiliya kuti madzi azingotsetsereka, ndipo mchere, zitosi ndi matupi a tizilombo zisakhudze penti mwachindunji. Sopo wa mbale sasiyanitsa mafuta a m'poto ndi polishi wa galimoto. Amamuchotsa pang'onopang'ono, makamaka m'njira zimene madzi opopedwa amayenderera.

Apa ndiyenera kunena zoona zake, chifukwa ena amakokomeza. Sopo wa mbale sasungunula penti. Mutathira kamodzi chifukwa mwasowa pogwira muli paulendo, galimoto yanu siisupuka. Chimene amachita ndi kuvula penti chitetezo chake n'kuisiya pamtunda, kenako dzuwa, mchere ndi tizilombo zimamaliza ntchitoyo. Kuwonongekaku kumatenga miyezi, ndipo n'chifukwa chake eni magalimoto ambiri sakulumikiza ndi kathanki kaja. Amangoona kuti kumapeto kwa boneti, m'mbali mwa galasi ndi kutsogolo kwa denga kwachita mbuu kusiyana ndi malo ena, kapena kuti pulasitiki wakuda wa pansi pa galasi wasanduka wotuwa ndi mizere, n'kumati ndi dzuwa basi. Dzuwa lili ndi gawo lake ndithu. Koma mizere imeneyi imatsata njira ya madzi.

Masopo ambiri amadzimadzi amathiridwa mchere wamba, womwe uja wa m'ndiwo, kuti akhale okhuthala. M'sinki zimenezi zilibe vuto. Pagalimoto, madzi amcherewa amalowa m'malo amene penti inagamphuka ndi timiyala, m'zolumikizira za mikono ya mawaipa, ndi pansi pa labala wa m'mphepete mwa galasi, kumene chinyezi chimachedwa kuuma. Mchere umafulumizitsa dzimbiri, ndipo dzimbiri la m'mphepete mwa galasi ndi lovuta kukonza, chifukwa nthawi zambiri galasi liyenera kuchotsedwa kaye.

Kenako pali thovu. Sopo wa mbale amapangidwa kuti achite thovu lambiri, popeza ogula amakhulupirira thovu. Pagalasi la galimoto yothamanga, thovu ndi masekondi ena osaona. Likauma limasiya kachifunga kopyapyala kamene masana sikaoneka, koma usiku kamamwaza kuwala kwa nyali za galimoto zobwera, ndipo mvula ikayamba kuwaza galasi limachita mizere yamitundumitundu. Madalaivala ambiri amene amadandaula kuti maso awo sakuonanso bwino usiku angadabwe atatsuka galasi lawo bwinobwino kunja ndi m'kati.

Sopo waufa wochapira zovala ndiye woipitsitsa pa onse. Muli soda wamphamvu amene amawawula manja a wochapa, ndipo sasungunuka yense m'madzi ozizira. Timibulu totsala timakhazikika pansi pa kathanki, pomwe pampu imakokera madzi. Zimene zadutsa zimauma zoyera pa penti ndi papulasitiki. Mankhwala opukutira mawindo a m'nyumba, amene ena ali ndi amoniya, nawonso sayenera kulowa m'kathankimu, chimodzimodzi viniga, jiki ndi parafini.

Labala

Waipa amaoneka ngati chinthu wamba, koma ntchito yonse imagwiridwa ndi kamlomo kopyapyala ka labala kamene kayenera kukhala kofewa kuti kazipindika, kutembenuka waipa akamabwerera, ndi kugona pagalasi popanda mpata. Opanga amasakaniza mu labalayo mafuta ndi phula zomuteteza ku dzuwa ndi mpweya, ndipo phulalo limatuluka pang'onopang'ono n'kukuta pamwamba. Mawaipa ambiri amapakidwanso zoterereza zakuda pakamlomo kaja. Sopo wochotsa mafuta akamauma pa labala tsiku ndi tsiku, amakokolola zoteteza zimenezi mofulumira kuposa mmene zimatulukira. Labala amauma, amalimba, amayamba timing'alu. Mdani wamkulu wa labala kwathu kuno ndi dzuwa, palibe wotsutsa, koma sopo amalithandiza.

Madzi okha amawononga labala mwa njira ina. Saterereza mokwanira, choncho waipa amadumphadumpha ndi kulira pagalasi. M'chilimwe, galasi likadzaza fumbi, timadzi tochepa timangosandutsa fumbilo matope amchenga, ndipo waipa amawakhuliza pagalasi. Kamlomo kaja kamatha, galasi nalo limachita mizere yokhota yotsata njira ya waipa, imene imaonekera kwambiri dzuwa likamalowa muli kuyang'anizana nalo. Mizere imeneyi sichoka ndi kutsuka. Galasi likakhala ndi fumbi lambiri, monga mutayenda msewu wafumbi kapena galimoto itaima masiku angapo, litsireni madzi ambiri ndi chigubu musanayatse mawaipa.

Kuti mudziwe ngati labala watha, dzutsani waipa, muyendetse chala pakamlomoko. Kakakhala kolimba, kokhakhala, kong'ambika kumapeto kapena kogonera mbali imodzi, waipayo watha ntchito, ndipo palibe mankhwala amene angamudzutse. Opanga ambiri amalangiza kusintha mawaipa pakatha miyezi 6 mpaka 12. Kwa ife nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Okutobala, dzuwa litamaliza kuwaotcha, mvula isanayambe.

Kukonza kathanki kamene kanazolowera sopo

Titenge galimoto ya mtundu umene wadzaza m'misewu yathu, Toyota Sienta yonyamula anthu, imene kwa chaka chathunthu yakhala ikuthiridwa madzi a pamjigo ndi sopo wa mbale. Tsopano mbali ya dalaivala madzi akungodontha, mbali inayo akuwombera padenga, mawaipa akulira, ndipo m'galimoto mukumveka fungo la chithaphwi mukapopera.

Choyamba ndi kumvetsera. Injini ili chozima koma kiyi ali potsegula, wina akoke kamtengo kopopera, inu muli pafupi ndi kathanki. Ngati simukumva kulira kwa kapampu, vuto ndi la magetsi: yambani ndi fyuzi, kenako mawaya ndi pampu yeniyeniyo. Ngati pampu ikulira koma madzi sakufika, njira yatsekeka penapake kapena paipi yavuka. Musaumirize. Kapampu kameneka n'kakang'ono, ndipo kakazungulira nthawi yaitali kopanda madzi kamapsa. Masekondi ochepa ndi okwanira pa kuyesa kulikonse.

Kenako vulani kapaipi pamene kakulowa m'bowo lopopera, kunsi kwa boneti, mupoperenso. Madzi akatuluka mwamphamvu pakapaipiko, ndiye kuti chotsekeka ndi bowolo. Akatuluka mofooka, vuto lili kumunsi, ndipo kawirikawiri ndi kasefa. M'magalimoto ambiri pampu imangolowetsedwa m'mbali mwa kathanki kudzera m'kalabala kozungulira, ndipo polowera madzi pamakhala kasefa kakang'ono. Pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono kathanki kamabisika kuseri kwa bampala, kotero kuti mufike pa pampu muyenera kumasula pulasitiki wa m'kati mwa madigadi, pamwamba pa tayala lakutsogolo. Ngati zimenezi simunazichitepo, ndi ntchito yaing'ono kwa makaniko. Pampu ikazulidwa madzi onse amakhuthuka, ndipo pakasefa mupeza zoterera zotuwa ngati phala. Zimenezi ndi sopo amene wagwirana ndi mchere wa m'madzi pamodzi ndi tizilombo tomera m'madzi oima. Tsukani kasefako ndi kamswachi kakale, muthire madzi ofunda, osati owira, m'kathanki kangapo mpaka otuluka pansi akhale oyera opanda thovu. Yang'anani kalabala kozungulira kaja. Kakakhala kouma kapena kong'aluka kasintheni, apo ayi kathanki kazidontha.

Mabowo opopera ali mitundu iwiri. Akale amatulutsa kamzere ka madzi kudzera m'kampira kachitsulo kamene kamatembenuka. Amenewa mungawatokose mofatsa ndi singano yopyapyala, ndipo ndi singano yomweyo mungawalozetse kuti madzi azigwera chapakati pa galasi kapena pamwamba pang'ono, poganizira kuti mphepo imawasuntha galimoto ikamathamanga. Atsopano amamwaza madzi motambasuka, ndipo m'kati mwake muli tinjira tapulasitiki timene singano imawononga. Amenewa azuleni, muwaviike m'madzi ofunda, muwapemerere mpweya kuchokera kutsogolo kuti zotsekazo zibwerere kumene zinachokera.

Kutsukuluza kathanki musanathire mankhwala atsopano si mwambo chabe. Mankhwala ena akasakanikirana ndi sopo wotsala amaundana n'kupanga zoterera zomwe zija, ndipo pakatha milungu ingapo mumabwerera pomwe munayambira. Ngakhale posintha kuchoka ku mtundu wina wa mankhwala kupita ku wina, ndi bwino kudikira kuti akale atheretu.

Tsopano kusakaniza. Tinene kuti mwagula mankhwala okhuthala ofunika kusungunula, ndipo pabotolo palembedwa 1:9. Ndiye kuti gawo limodzi la mankhwala, magawo 9 a madzi. M'chigubu choyera cha malita 5 thirani mamililita 500 a mankhwala ndi malita 4.5 a madzi. Ngati mukufuna malita 3 okha, ndi mamililita 300 a mankhwala ndi malita 2.7 a madzi. Sakanizirani m'chigubu, osati m'kathanki, kuti mudziwe mlingo umene mwathira. Manambalawa amasiyana kwambiri malinga ndi mtundu: ena ndi 1:4, ena amafika 1:100, ndiye werengani botolo lanu. Kuchulutsa mankhwala sikuyeretsa galasi koposa, kumangosiya mizere ndi kutha ndalama.

Pomaliza tsukani galasi lenilenilo ndi manja kuti kachifunga ka sopo wakale kachoke, pukutani kamlomo ka waipa ndi kansalu konyowetsedwa m'mankhwala omwewo mpaka kasiye kuda, ndipo ngati labala watha musinthe. Malo a penti amene anachita mbuu atsukeni ndi sopo wa galimoto, muwaumitse, mupake polishi. Mukathira madzi pa penti n'kuona akupanga timibulu tothamanga, polishi alipo. Akamangoyala ngati chinsalu chonyowa, penti ili pamtunda.

Tigule ati, tisakanize ndi madzi ati

M'masitolo a zipangizo za galimoto ndi m'malo omwetsera mafuta mumapezeka mitundu itatu. Pali osakaniza kale, amene mumangothira. Ndi osavuta, ndipo madzi ake ndi abwino, koma mukulipira madzi ambiri. Pali okhuthala ofunika kusungunula, amene pa lita iliyonse yotsukira ndi otsika mtengo, ndipo kwa munthu wa takisi kapena minibasi ndi amene ndingamulangize. Palinso timapiritsi tosungunula m'madzi, tosavuta kusunga m'galimoto. Timeneti tisungunulireni m'chigubu mpaka titheretu, chifukwa zotsalira zake zimatseka kasefa, ndipo popeza mulibe spiriti, mphamvu yake pa mafuta ndi yocheperapo.

Mankhwala okhuthala amakhala abwino molingana ndi madzi amene mwasakaniza nawo. Abwino koposa ndi madzi ochotsedwa mchere, aja timati madzi a batire. Onetsetsani kuti ndi madzi, osati asidi wa batire, chifukwa mabotolo ake nthawi zina amagulitsidwa pashelefu imodzi. Madzi a mvula nawonso alibe mchere wambiri. Tungani mvula itagwa kale kwa kanthawi n'kutsuka fumbi la padenga, muwasefe pansalu yoyera, musawasunge nthawi yaitali. Madzi apampopi amene apambana mayeso a pakalilole aja angagwire ntchito. A pamjigo amchere asiyeni.

Mabotolo ena obwera kuchokera kunja amalembedwa -20 kapena -30, kusonyeza kuzizira kumene mankhwalawo angapirire osaundana. Kuno n'zosafunika kwenikweni. Ngakhale ku Dedza kapena ku Nyika, kumene mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa, mankhwala wamba osakanizidwa bwino amakwanira. Koma abale athu amene ali ku Britain nkhaniyi asaitenge mopepuka. Kumeneko madzi okha amaundana m'mapaipi ndi m'mabowo, amatha kung'amba kathanki popeza madzi akaundana amafufuma, ndipo misewu imathiridwa mchere umene umadetsa galasi mphindi iliyonse. Galimoto imene zopopera zake sizikutulutsa madzi okwanira imalephera mayeso apachaka a MOT. Ku Johannesburg nako m'mawa wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana.

Chinthu chimodzi chofunika kusamala kwambiri ndi mtundu wa spiriti. Mankhwala ena, makamaka otsika mtengo a kumayiko ozizira, amapangidwa ndi methanolo. Ameneyu ndi poizoni: wochepa chabe akamwedwa amachititsa khungu, ndipo amapha. Mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya analetsa kuyambira mu Meyi 2019 kugulitsa kwa anthu wamba mankhwala otsukira galasi okhala ndi methanolo wofika 0.6 peresenti, koma si mayiko onse ali ndi lamulo lotere. Sankhani olembedwa kuti ali ndi ethanolo kapena kuti alibe methanolo, ndipo botolo lopanda chizindikiro chilichonse, logulitsidwa m'mbali mwa msewu, lisiyeni. Madzi abuluu kapena apinki m'botolo la chakumwa amaoneka ngati sobo m'maso mwa mwana. Musasungire mankhwalawa m'botolo la chakumwa, chigubu chosakanizira chilembedwe, ndipo chikhale pamene mwana sangafike. Mwana kapena wamkulu akamwa, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo mutatenga botololo, ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa zizindikiro za methanolo zimatha kuchedwa maola ambiri.

Samalaninso ndi zivundikiro. Pansi pa boneti pali kathanki kena ka madzi a lediyeta, ndipo mankhwala ake amakhalanso obiriwira, apinki kapena abuluu. Mankhwala a lediyeta akalowa m'kathanki ka mawaipa amapaka galasi mafuta osachoka ndi waipa ndipo sagwirizana ndi penti. Mukapempha mnyamata wa pamalo omwetsera mafuta kuti akuthirireni madzi, tsikani muone chimene akuthira ndi pamene akuthira.

Nanga mankhwala akutherani muli pakati pa ulendo? Thirani madzi oyera. Kuona njira n'kofunika kuposa penti, ndipo madzi a tsiku limodzi kapena awiri sawononga kanthu, pamene kathanki kouma kangakuphetseni. Madzi akumwa a m'botolo ndi abwinoko kuposa a pamjigo wosadziwika. Mukafika, thirani mankhwala pamlingo wake. Chimene ndikukupemphani n'chakuti sopo wa mbale ndi waufa atsale kukhitchini ndi kochapira. Mvula isanayambe chaka chino, tsegulani boneti, nunkhizani madzi a m'kathanki kaja, gwirani labala wa mawaipa, ndipo ngati munkathiramo sopo, katsukeni musanathire china chilichonse.